Kuchoka pa digiri ya akaunti kukapeza ntchito ya oditi ya m'kati: yambani ndi fayilo imodzi

Pa intaviyu ya wothandizira odita wa m'kati, funso limene limagwetsa achinyamata ambiri silikhala la debiti ndi kirediti ayi. Limakhala lotere: "Kampani yathu imalipira masapulaya sabata ndi sabata. Mungadziwe bwanji kuti ndalamazo zikupita koyenera?" Ndakhalapo kumbali ya ofunsa, ndipo amene angomaliza kumene ku UNZA, ku CBU kapena ku ZCAS kawirikawiri amayankha kuti ayanjanitsa leja ndi sitetimenti ya ku banki. Yankholo ndi la munthu wophunzira bwino, koma silifika pamene pali nkhani. Invoyisi ikalipidwa kawiri, leja imalemba kawiri, banki nayo imatulutsa kawiri, zonse zimayanjana bwinobwino, koma ndalama zapita.

Apa ndi pamene akauntanti ndi odita wa m'kati amasiyana njira. Akauntanti amafuna kuti zimene zachitika zilembedwe molondola. Odita wa m'kati amafunsa mafunso atatu: n'chiyani chingalakwike apa, ndani kapena n'chiyani chimatchinga kuti chisalakwike, nanga umboni woti chotchingacho chikugwiradi ntchito uli kuti? Chotchingacho pantchito timachitcha kontrolo. Siginecha ya bwana musanalipire ndi kontrolo. Kuwerenga matumba a simenti pamene akutsika m'lole ndi kontrolo. Malangizo anga onse azungulira pa chinthu chimodzi: musanapite ku intaviyu, yesani kontrolo imodzi kuyambira poyamba mpaka polemba lipoti, kenako munyamule fayiloyo m'manja.

Choyamba, konzani mapepala, musachedwe nawo

Izi n'zachidule. Lamulo la maakauntanti la 2008 limafuna kuti wogwira ntchito ya akaunti muno mu Zambia akhale wolembetsa ku ZICA, ndipo malonda a ntchito za oditi pafupifupi onse amafunsa umembala umenewu. Lembetsani pa mulingo wogwirizana ndi maphunziro anu, ndipo muzilipira chaka ndi chaka kuti usathe. Olemba ntchito ambiri masiku ano amafunanso kuti satifiketi zanu zikhale zotsimikizidwa ndi ZAQA. Chitani zimenezi ntchito isanalengezedwe, chifukwa malonda ambiri amangopatsa sabata imodzi kapena ziwiri.

Za mayeso a CIA, amene amaperekedwa ndi bungwe la maodita a m'kati la IIA, ndinene mosabisa: musadikire kuti muwamalize kaye musanafune ntchito. Ali ndi magawo atatu, amalipiridwa m'madola, ndipo wa digiri yoyamba sapatsidwa satifiketi asanagwire ntchito zaka ziwiri. Chimene mungachite lero popanda kuboola thumba ndicho kuwerenga miyezo yatsopano ya bungweli, imene inatuluka mu Januwale 2024 n'kuyamba kugwira ntchito pa 9 Januwale 2025. Werengani makamaka chigawo chofotokoza mmene oditi imodzi imayendera, kuyambira pokonzekera mpaka potsatira zimene munagwirizana.

Chachiwiri, pezani malo oyeserapo

Mufunika mapepala enieni a zogula ndi zolipira. Mpingo wanu uli nawo, sukulu yapayekha ya m'komboni ili nawo, sitolo ya amalume anu ku Kamwala ili nawo. Pitani mwaulemu, mufotokoze kuti mukuphunzira ntchito, ndipo mulonjeze kuti zimene muone mudzauza mwini wake yekha. Ngati muli pa atachimenti kapena mukugwira kale ngati kalaliki wa akaunti, pemphani chilolezo kwa abwana anu. Koma mapepala a anthu musawatulutse n'kukawaonetsa kwina. Fayilo yopita nayo ku intaviyu ikhale yochotsedwa mayina onse, ndipo manambala muwasinthe. Wofunsa akaona dzina la sapulaya weniweni wa kampani ina m'fayilo yanu, adziwiratu kuti mawa mudzatulutsanso zake.

Tiyeni titenge chitsanzo chongoyerekeza. Kampani yogulitsa zomangira chakumafakitale, kufupi ndi msewu wa Lumumba. Lamulo lake lolembedwa likuti katundu aliyense azigulidwa ndi oda yosainidwa, imene ambiri amaitcha LPO. Katundu akafika, wa kusitozi amawerenga n'kulemba pepala lolandirira, GRN. A ku akaunti salipira asanaone kuti oda, pepala lolandirira ndi invoyisi zikunena chimodzi. Ndipo chilichonse choposa K20,000 chimafuna makotesheni atatu ndi siginecha ya mkulu wa zachuma.

Chachitatu, londolani mapazi a malipiro amodzi

Musayambe ndi kompyuta. Tengani malipiro amodzi okha, muwalondole kuchokera pamene munthu ananena kuti "simenti yatha" mpaka pamene ndalama zinatuluka ku banki. Yendani ndi miyendo yanu. Khalani pa benchi ya kusitozi, muone buku la mapepala olandirira, amene amalisunga ndani, likatha latsopano limachokera kuti, ndipo manambala ake amatsatana kapena ayi. Funsani mafunso otseguka. "Bambo, lole ikafika inu mutapita kukadya nsima, amalandira katundu ndani?" Funso ngati limeneli limatulutsa zambiri kuposa "Kodi mumatsata lamulo?", chifukwa lachiwirili aliyense amayankha kuti inde.

Pa ulendo umenewu mukufuna kuona ngati zolembedwa m'buku la malamulo ndi zimene zimachitikadi. Kawirikawiri zimasiyana, ndipo si nthawi zonse pamene kusiyanako kumatanthauza kuba. Mwina lamulo linalembedwa kampani ili ndi nthambi imodzi, pano zili zinayi. Yang'anitsitsani malo amene munthu mmodzi wagwira ntchito ziwiri zosayenera kukhala m'dzanja limodzi: amene amalowetsa sapulaya watsopano mu sisitemu ndi yemweyonso amakonza malipiro, kapena woitanitsa katundu ndi yemweyonso amamulandira. Mukabwerera pa desiki, lembani ulendo wonse patsamba limodzi, m'mawu osavuta, n'kuika chizindikiro pamene pali kontrolo ndi pamene palibe. Kenako kawerengereni amene munacheza nawo aja kuti avomereze kuti mwamva bwino.

Chachinayi, tengani mndandanda wonse, ndipo muutsimikize

Pemphani mndandanda wa malipiro onse a miyezi itatu, tinene Januwale mpaka Malichi, mu Excel. Pa chitsanzo chathu tapatsidwa mizere 412. Musanachite china chilichonse, phatikizani ndalama zonse za mu mndandandawo, muyerekeze ndi zimene leja ndi sitetimenti ya ku banki zikuonetsa pa miyezi yomweyo. Apa ndi pamene digiri yanu ya akaunti imakupatsani mphamvu kuposa ena. Ngati mndandanda ukuchepa, ndiye kuti pali malipiro amene simunapatsidwe, ndipo amene akubisikawo ndi amene mumafunika kuwaona. Odita woyamba kumene amalumpha sitepe imeneyi, n'kutha sabata yathunthu akuyesa mndandanda umene wina anausefa kale.

Mukakhutira, fufuzani mizere yonse 412 ngati muli malipiro obwereza. Tinene kuti dzina la sapulaya lili mu mzati B, ndalama mu mzati E. Mu mzati wopanda kanthu lembani izi, n'kukokera mpaka pansi:

```
=COUNTIFS(B:B,B2,E:E,E2)
```

Mzere uliwonse umene watulutsa 2 kapena kuposa ndiye kuti sapulaya yemweyo analandira ndalama zofanana ndendende kangapo. Ndasankha dala kufufuza ndi ndalama osati nambala ya invoyisi. Masisitemu ambiri amakana nambala imodzi kulowa kawiri, choncho invoyisi yobwereza imalowa itasintha nkhope: koyamba INV0457, kachiwiri INV-457. Pa nambala simuigwira, pa ndalama mumaigwira. Koma fomulayi ili ndi malire ake. Lendi, alonda ndi intaneti zimalipidwa mofanana mwezi ndi mwezi, ndiye zidzatuluka zonse, muzichotse mutaona mapepala ake. Ndipo ngati dzina la sapulaya linalembedwa mosiyana, kwina ndi mpata kumapeto, kwina ndi chidule, fomula idzawaona ngati anthu awiri. Yambani mwayeretsa mayina ndi `TRIM`, kapena gwiritsani ntchito nambala ya TPIN ngati ilimo.

Mu chitsanzo chathu, titachotsa malendi, patsala awiri: sapulaya wa penti analipidwa K18,560 pa 14 Febuluwale, n'kulipidwanso K18,560 pa 3 Malichi. Imeneyi ndi K16,000 ya katundu kuphatikiza VAT ya 16 peresenti, K2,560. Musathamange kukalengeza. Pitani ku fayilo, mutulutse mavawucha onse awiri. Ngati pali maoda awiri ndi mapepala olandirira awiri, ndiye kuti anagula kawiri penti wofanana, nkhani yatha. Ngati oda ndi imodzi, pepala lolandirira ndi limodzi, ndipo vawucha yachiwiri yamangiriridwa pa fotokope, mwapeza chinthu.

Chitaninso chimodzi pa mndandanda wonse: sanjani malipiro motsatira sapulaya ndi tsiku, n'kuyang'ana amene ali pansi pang'ono pa K20,000. Mukaona maoda atatu a sapulaya mmodzi m'sabata imodzi, a K19,400, K19,750 ndi K18,900, dziwani kuti mwina katundu wa K58,050 anadulidwa zidutswa kuti asafike pa tebulo la mkulu wa zachuma.

Chachisanu, sankhani sampulo, mutsegule mafayilo

Simungatsegule mavawucha 412. Pa kontrolo yochitika tsiku ndi tsiku, maodita ambiri amayamba ndi 25. Musalole kuti a ku akaunti akusankhireni, ndipo inunso musangotola apamwamba. Ikani `=RAND()` pambali pa mzere uliwonse, musandutse zotulukazo manambala okhazikika kuti zisamasinthesinthe, musanje, n'kutenga 25 oyamba. Malipiro aakulu kwambiri kapena okayikitsa muwayese padera, osawasakaniza ndi 25 aja.

Tsopano konzani tebulo. Mzere uliwonse ndi malipiro amodzi, ndipo mizati ndi mafunso: oda ilipo, inasainidwa katundu asanagulidwe, pepala lolandirira lilipo, kuchuluka kukufanana pa mapepala onse atatu, mtengo ukufanana, wovomereza ndi woyenera. Madeti muziwayang'ana kwambiri. Oda yolembedwa patadutsa masiku invoyisi itafika ndi oda yongodzaza fayilo, sinatchinge kanthu. Pamwamba pa tsamba lembani cholinga cha kuyesaku, kumene mndandanda unachokera, mmene munasankhira 25, dzina lanu ndi tsiku. Muyezo wake ndi uwu: munthu amene sanakhalepo akatenga tsamba lanu, athe kubwereza ntchitoyo n'kupeza zomwezo.

Ndikuuzeni cholakwa changa, chifukwa chinandiphunzitsa kuposa buku. M'chaka changa choyamba ndinapeza oda ya matumba 200, invoyisi ya matumba 200, koma pepala lolandirira linali la 180. Mtima unathamanga. Ndinalemba mu lipoti loyamba kuti matumba 20 anasowa kusitozi. Pamsonkhano, bambo wa kusitozi, munthu wa msinkhu wa bambo anga, anatsegula buku lawo modekha n'kundionetsa pepala lachiwiri la matumba 20, amene anafika mawa lake pa galimoto ina. A ku akaunti ndiwo sanalimangirire pa vawucha. "Mukanangondifunsa, mwanangu," anatero. Ndinawapepesa pamaso pa onse, koma panapita miyezi asanandimasukirenso, ndipo pa miyezi imeneyo zambiri zimene akanandiuza sindinazimve. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chilichonse chimene mwapeza, kachionetseni kaye kwa mwini ntchitoyo musanachilembe mu lipoti.

Chachisanu ndi chimodzi, lembani zimene mwapeza

Pano ndi pamene ndimazindikirira amene adzakhale odita. Chopezeka chilichonse chiyankhe zinthu zisanu: lamulo likuti chiyani, mwapeza chiyani, chachititsa n'chiyani, kampani ingataye chiyani, ndipo pachitike chiyani. Tinene kuti mwa 25 aja, anayi analipidwa popanda pepala lolandirira. Mungalembe motere:

"Lamulo la zogula likuti invoyisi isalipidwe popanda pepala lolandirira katundu. Mwa malipiro 25 amene tinayesa a Januwale mpaka Malichi, anayi analipidwa popanda pepalali, ndipo onse anayi ndi a katundu amene anapita molunjika ku nthambi ya ku Chilenje. Nthambiyi ilibe buku la mapepala olandirira, choncho a ku akaunti amalipira akangouzidwa pa foni kuti katundu wafika. Kampani ingalipire katundu amene sanafike kapena amene anafika wochepa. Tikupempha kuti nthambiyi ipatsidwe buku lake, ndipo a ku akaunti asalipire asanalandire pepalalo."

Taonani kuti mulibe dzina la munthu, mulibe mawu akuti kuba kapena ulesi. Taonaninso mphamvu ya chiganizo chachitatu. Ongoyamba kumene amakonda kulemba kuti chachititsa ndi "kusatsata malamulo", n'kupempha kuti "antchito azitsata malamulo". Lipoti lotero silisintha kanthu, chaka chamawa mudzapeza zomwezo. Chifukwa chenicheni chimapezeka mukafunsa kuti anayiwa akufanana pati. Apa akufanana nthambi, ndiye mankhwala ake ndi buku limodzi lotsika mtengo. Pansi pa chopezekacho musiye malo oti abwana a dipatimenti ayankhe, atchule amene achite ndi tsiku lomalizira.

Ngati zimene mwapeza zikununkha chinyengo, monga akaunti ya ku banki ya sapulaya yofanana ndi ya wantchito, musafunse mwini wakeyo, musanong'oneze mnzanu pa lanchi. Sungani makope, mukauze mkulu wa oditi tsiku lomwelo. Iye ali ndi njira yofikira komiti ya oditi ya bodi popanda kudutsa mwa amene nkhaniyo ikuwakhudza.

Chachisanu ndi chiwiri, gogodani pa makomo oyenera

Madipatimenti a oditi ya m'kati amakhala aang'ono, anthu awiri kapena asanu, ndiye malo a ongoyamba kumene satuluka pafupipafupi. Amene amalemba kwambiri ndi mabanki, makampani a ngongole zazing'ono, a inshuwalansi, masitolo a nthambi zambiri, mabungwe oyendera ndalama za opereka thandizo, ndi boma. M'boma, ntchitoyi imatsata lamulo loyendetsera chuma cha boma la 2018, ndipo maodita a m'maunduna ali pansi pa ofesi ya wamkulu wa oditi ya m'kati ku unduna wa zachuma. Ngati mukufuna kumeneko, werengani lamulolo limodzi ndi malamulo a ZPPA a kagulidwe ka boma.

Khomo lakutsogolo likakhala lotseka, pali awiri am'mbali. Loyamba ndi kampani ya maodita odziimira paokha oyesa mabuku a makampani ena, ngakhale yaing'ono: chaka chimodzi kapena ziwiri kumeneko zimakuphunzitsani kusunga fayilo yaukhondo ndi kugwira ntchito nthawi ikuthina. Lachiwiri ndi ntchito ya ukalaliki wolipira masapulaya, wa malipiro a antchito kapena wa kusitozi. Musainyoze. Amene anakonzapo malipiro ndi manja ake, n'kudula PAYE, NAPSA ya 5 peresenti ndi NHIMA ya 1 peresenti, amadziwa pamene wantchito wongopeka angabisale. Dziwani chabe kuti mukasamukira ku oditi m'kampani yomweyo, miyezo ya IIA imaona kuti simungaweruze mosakondera ntchito imene munkaigwira nokha m'miyezi 12 yapitayo, ndiye adzayamba kukutumani kwina.

Pa kalata yanu ya mbiri ya maphunziro ndi ntchito, chotsani mawu akuti ndinu wolimbikira ndi wokhulupirika. Aliyense amalemba zomwezo. Lembani chimene munachita: "Ndinayesa malipiro 25 mwa 412, ndinapeza invoyisi imodzi yolipidwa kawiri, ndipo ndalamazo zinabwezedwa." Lembani izi pokhapokha ngati zinachitikadi, chifukwa ofunsa ndi maodita, adzakufunsani mpaka tsiku la vawucha.

Pa intaviyu

Funso lija la masapulaya likabwera, musayambe ndi matanthauzo a m'buku. Pemphani kuti muonetse fayilo. Ikhale ya masamba anayi okha: ulendo wa malipiro amodzi, kuyanjanitsa mndandanda ndi leja, tebulo la 25, ndi chopezeka chimodzi cholembedwa bwino. Adzakufunsani chifukwa chake munatenga 25, ndipo muyankhe zoona, kuti ndi poyambira, kuti mukapeza zolakwika zambiri mumakulitsa sampulo kapena kuyesa onse a nthambi imeneyo. Adzakufunsaninso chimene mungachite bwana wa msinkhu wa amayi anu akakana kukupatsani mafayilo. Yankho labwino ndi lakuti mumapemphanso mwaulemu polemba, n'kutchula tsiku, ndipo likadutsa mumauza mkulu wanu, amene ali ndi chikalata cha bodi chopatsa dipatimenti ufulu woona buku lililonse. Simukangana nawo pakhonde, koma simusiyanso fayiloyo.

Akakupatsani mpata wofunsa, funsani kuti mkulu wa oditi amapereka lipoti kwa yani. Akati ku komiti ya oditi ya bodi, zili bwino. Akati kwa mkulu wa zachuma yekha, dziwani kuti muzidzayesa ntchito ya munthu amene amasainira tchuthi chanu. Funsaninso kuti mwa zimene anapeza chaka chatha, ndi zingati zimene zinakonzedwa, ndipo amene amatsatira ndani. Ntchito yotsatirayo nthawi zambiri imapatsidwa kwa watsopano m'mwezi wake woyamba, choncho mukalembedwa, pemphani malipoti a chaka chatha ndi mndandanda wa zimene sizinakonzedwe tsiku loyamba lomwelo.